Imelo yopita ku Lubumbashi: ndithandizeni pa il faut que ndi bien que

Nagama

Odi akuluakulu a Chifalansa m'gulu muno, ndithandizeni tisanaweruke. Ndimagwira ntchito pa kampani ina yonyamula katundu ku Kanengo kuno. Thiraki yathu ya soya ili pa Kasumbalesa kuyambira Lachiwiri, ndipo siingawoloke chifukwa dalaivala alibe kope la chilolezo cholowetsera katundu, chomwe chiyenera kuchokera kwa wogula wathu ku Lubumbashi. Wogula yemweyo analipira gawo loyamba lokha la ndalama, zotsalazo sitinazione. Abwana ati ndilembere mkulu wa kampaniyo, poti muofesi monse muno amene anachitako Chifalansa ndine ndekha. Ndalemba chonchi:

> Monsieur le Directeur,
>
> Bien que nous avons reçu votre acompte le 3 mars, le solde n'est pas encore arrivé. Il faut que vous nous envoyez la preuve de paiement avant vendredi. Il faut aussi que notre chauffeur a une copie de la licence d'importation, car bien que le camion est arrivé à Kasumbalesa, il ne peut pas passer.

Kompyuta sinadule mzere wofiira paliponse, koma mtima wanga sukukhazikika. Ndikukumbuka kuti penapake pamafunika subujonkitifu. Ndi pati, ndipo ndilembe bwanji?

Chisale (Lusaka)

Achemwali, pa *il faut que* ponse pawiri ndiye pakufunikadi. Lembani *que vous nous envoyiez* ndi *que notre chauffeur ait*. Koma pa *bien que* ine ndikuona kuti mwalemba bwino. Subujonkitifu ndi wa zinthu zokayikitsa kapena zomwe sizinachitike. Ndalamazo munalandiradi, thiraki inafikadi pachipata, palibe chokayikitsa. Ndiye *nous avons reçu* ndi *est arrivé* zisiyeni momwemo.

Aphunzitsi Mbewe

A Chisale, theka loyamba mwalasa, koma lachiwirilo ayi. Mayi Nagama, musatumize kaye. Malo ofunika kukonza ndi anayi, ndipo awiri mwa iwo ndi a *bien que* amene a Chisale akuti muwasiye.

Tiyambe ndi chosavuta. *Il faut que* sitiyenera kuvutika nayo ife, chifukwa Chichewa chathu chimachita zomwezo. Timati "mumatumiza", koma tikati "pafunika kuti", mneni amatembenuka n'kukhala "mutumize". Palibe amene anganene kuti "pafunika kuti mumatumiza". Khutu limakana lokha. Mfalansa naye akamva *il faut que votre chauffeur a*, khutu lake limakana chimodzimodzi. Choncho mukafuna kudziyesa, nenani chiganizocho m'Chichewa: ngati mneni wathera ndi e pambuyo pa "kuti", dziwani kuti mwafika pamalo pomwe Chifalansa chimakonda kufuna subujonkitifu.

Pa *bien que* mpamene chiyankhulo chathu chimatisiya panjira. Timati "ngakhale talandira ndalama", mneni osasintha konse. Chingerezi nachonso sichisintha mneni pamenepa. Ndiye munthu wa kwathu kuno alibe chomuchenjeza, amangolemba *bien que nous avons reçu* mtima uli m'malo. Koma lamulo la Chifalansa cholembedwa n'lakuti *bien que* imatsatidwa ndi subujonkitifu ngakhale chinthucho chinachitikadi anthu onse akuona. Mfundo ija ya "zokayikitsa" timaiphunzitsa ku Fomu 3 kuti ana agwirepo poyambira, ndipo imathandiza pa *je doute que* ndi anzake, koma sifika paliponse. Apa nkhani si yakuti ndalamazo zinabwera kapena ayi. Wolemba akuvomera kuti zinabwera, koma akuziika pambali, chifukwa sizinabale chomwe zinayenera kubala. Mfundo imene akuimirira nayo ndi yachiwiriyo, yakuti zotsala sizinafike, ndipo imeneyo ndi imene imakhala mu indikatifu.

Motero lembani *bien que nous ayons reçu* ndi *bien que le camion soit arrivé*.

Chisale (Lusaka)

Aphunzitsi, ndamva, komabe ine ndimamasulira makalata a anthu a ku Congo ndi Burundi pafupifupi sabata iliyonse, ndipo *bien que* yotsatidwa ndi indikatifu ndimaiona. Ngakhale Afalansa enieni ndinawamvapo akutero pamisonkhano. Kodi si kuti lamulolo likutha mphamvu?

Aphunzitsi Mbewe

Kumva mumamvadi, sindikutsutsani. Poyankhula anthu amatero, makamaka akapuma pang'ono pambuyo pa *bien que* kenaka n'kupitiriza ngati ayamba chiganizo china. Koma apa tili ndi imelo yopita kwa mkulu wa kampani, yokumbutsa ngongole, ndipo mawu ake oyamba enieni ndi *Bien que nous avons*. Munthu wophunzira ku Lubumbashi, amene sukulu yake yonse anachita m'Chifalansa, aona cholakwikacho asanafike n'komwe pa nkhani ya ndalama. Amene alemba *ayons* palibe angamudzudzule, pomwe amene alemba *avons* ena amukhululukira, ena ayi. M'kalata ya ntchito ine ndimasankha njira yopanda wondidzudzula.

Nagama

Zikomo aphunzitsi. Koma ndifunse, chifukwa chiyani *ayons reçu*, mawu awiri? Mmene a Chisale ndi inu mumakambirana ndinatsegula tebulo la *recevoir*, ndipo pansi pa *subjonctif présent* ndapeza *que nous recevions*. Si limenelo?

Aphunzitsi Mbewe

Funso labwino, ndipo ambiri amagwa pomwepa atadziwa kale kuti pakufunika subujonkitifu. M'makalata a masiku ano mufunika mitundu iwiri yokha, wa tsopano ndi wa zomwe zachitika kale. Mukalemba *bien que nous recevions votre acompte* mukunena kuti mukulandira panopa, kapena mumalandira kawirikawiri. Inu munalandira kamodzi, pa 3 Malichi, zinatha. Ndiye mufunika wa kale.

Kapangidwe kake n'kosavuta kuposa mmene mukuganizira, chifukwa munalemba kale theka lake. Munali ndi *nous avons reçu*. Siyani *reçu* ali chomwecho, musinthe mneni wothandizira yekhayo: *avons* akhale *ayons*. Munali ndi *le camion est arrivé*. *Est* akhale *soit*, basi. Choncho munthu amene waloweza bwino *avoir* ndi *être* ali ndi subujonkitifu wa kale wa mneni aliyense m'Chifalansa. Nawa awiriwo:

> que j'aie, que tu aies, qu'il ait, que nous ayons, que vous ayez, qu'ils aient
>
> que je sois, que tu sois, qu'il soit, que nous soyons, que vous soyez, qu'ils soient

Chenjezo limodzi pa *être*: kugwirizana kwa mawu sikuchoka. Mukanena za thiraki ndi *soit arrivé*, koma mukanena za katundu ndi *bien que la marchandise soit arrivée*, ndi e wachiwiri kumapeto. Mathiraki akakhala awiri, *bien que les camions soient arrivés*.

Ndipo *recevions* wanuyo musamutaye, ali ndi malo ake. Pambuyo pa *il faut que* chinthu chimakhala chisanachitike, ndiye *il faut que nous recevions la preuve de paiement* ndi chiganizo chabwino kwambiri.

Kondwani

Moni aphunzitsi, moni nonse. Ine ndikuona ngati vuto la imeloyi ndi malonje. Kwa munthu ngati ameneyu simungayambe ndi *Monsieur le Directeur* kenaka n'kulowa nkhani nthawi yomweyo, komanso kumapeto kulibe mawu otsanzikira. Ife ku yunivesite anatiuza kuti popanda *Veuillez agréer* kalatayo sinathe.

Nagama

Achimwene, mawu otsanzikira alipo, ndangokopera pakati pokha pomwe pakundivuta. Funso langa ndi la aneniwa.

Kondwani

Pepani, ndinawerenga mothamanga. Ndiye poti nkhani ndi imeneyo, ndifunseko changa. Pa *envoyiez* amene a Chisale alemba, y ndi i zoyandikana, si kulakwitsa potayipa? Ndimaona ngati i ndi wosafunika poti y alipo kale.

Aphunzitsi Mbewe

Iwe Kondwani, zimenezi tinachita limodzi pabolodi. Si kulakwitsa ayi. Ndipo ichi ndi chifukwa chake kompyuta ya mayi Nagama inangokhala chete: *envoyez* ndi liwu lenileni la Chifalansa, *avons* ndi liwu lenileni, *est* chimodzimodzi. Chida chongoyang'ana kalembedwe ka liwu lililonse palokha sichiona kanthu.

Pa *nous* ndi *vous*, subujonkitifu wa aneni ambiri amalembedwa ndendende ngati *imparfait*: tsinde, kenaka *-ions* kapena *-iez*. Tsinde la *envoyer* pamenepa ndi *envoy-*, y ndi wa tsinde, i ndi wa mathero, ndiye onse awiri ayenera kuoneka: *que vous envoyiez*. Chimodzimodzi *que vous payiez*. Pakamwa kusiyana kwake ndi *envoyez* n'kochepa zedi, anthu ambiri sakutchula n'komwe, n'chifukwa chake ngakhale eni chiyankhulo amamuiwala i ameneyu polemba.

Pa ntchito yanu mayi Nagama muli aneni awiri amene mudzakumana nawo tsiku ndi tsiku, *expédier* ndi *vérifier*. Tsinde lawo limathera kale ndi i, ndiye pamakhala ma i awiri: *il faut que nous expédiions*, *il faut que vous vérifiiez*. Zimaoneka zachilendo m'maso koma n'zolondola, musafufute mmodzi.

Tsono samalani, poti munthu akangophunzira zimenezi amayamba kuthira i paliponse. *Ayons*, *ayez*, *soyons* ndi *soyez* alibe i pambuyo pa y. Mukaona *ayiez* kapena *soyions* m'kalata, ameneyo walakwitsa.

Mayi Tembo (Lubumbashi)

Ndalowa mochedwa, ndinali kumsika. Za galamala aphunzitsi anena, ine sindiwonjezerapo. Koma mwana wanga Nagama, ndakhala kuno zaka zambiri ndikugwira ntchito m'maofesi a anthu amenewa, ndipo ndikuuze chimene chandigunda nditawerenga imelo yako. Ngakhale ukonze *envoyiez* akhale bwinobwino, *il faut que vous* kwa bwana wa kampani ina ndi mawu olamula. Amatero kholo kwa mwana, kapena bwana kwa wantchito wake. Munthu amene ukufuna kuti akutumizire pepala lero lomwe, ndiponso akulipire, sumuyamba ndi "muyenera". Kuno ulemu wa m'kalata amauwerengera kwambiri. Akhoza osakuyankha tsiku lonse chifukwa cha mawu anayi amenewo, thiraki ili pachipata, dalaivala akudya ndalama za m'thumba.

Ine ndikanalemba *Nous vous saurions gré de bien vouloir nous transmettre la preuve de paiement*. Kapena chophwekerapo, *Nous vous prions de bien vouloir nous transmettre*. Uone kuti pamenepo mneni sasinthanso, ndi *transmettre* basi mmene alili mu dikishonale, mutu suwawa.

Chisale (Lusaka)

Mayi, pamenepo si *serions gré*? Ndimaona ambiri akulemba choncho.

Mayi Tembo (Lubumbashi)

Ayi bambo, ndi *saurions*, kuchokera ku *savoir*. Mawuwo ndi *savoir gré*. *Serions* amayenda ndi *reconnaissants*: *nous vous serions reconnaissants de bien vouloir*. Anthu amasakaniza ziwirizi chifukwa zimamveka mofanana, koma mabwana akale kuno amaziona msanga.

Aphunzitsi Mbewe

Mayi Tembo anena zoona pa *saurions*, ndipo pa ulemu ndikugwirizana nawo kwakukulu. Pang'ono pokha ndisiyane nawo. Sindikufuna mayi Nagama achoke pano ndi maganizo akuti *il faut que* ndi mawu oletsedwa m'kalata ya ntchito, kapena kuti njira ndi kuthawa subujonkitifu nthawi zonse. Chimene chimaluma ndi *vous* wobwera pambuyo pakeyo. Mukatembenuza chiganizo kuti chofunikacho chigwere inu kapena chinthu, ukali umachoka koma mphamvu imatsala. *Il faut que notre chauffeur ait une copie de la licence* sichilamula munthu aliyense, chikungonena mmene zinthu zilili pachipata. *Il faudrait que nous recevions la preuve de paiement avant vendredi* chikunena tsiku momveka, koma chala sichikuloza bwanayo. Onani kuti *il faudrait que* nayo imatsatidwa ndi subujonkitifu yemweyo wa tsopano. M'mabuku akale mudzapeza mitundu ina yaitali ngati *envoyassiez*, imeneyo isiyeni m'mabuku momwemo, mu imelo anthu angadabwe nanu.

Mayi Tembo (Lubumbashi)

Pa dalaivala ndavomera. Koma pa ndalama ine ndikanapemphabe ndi *nous vous prions*. *Il faudrait que nous recevions* kwa ine ikumvekabe ngati munthu akugogoda patebulo, mwaulemu inde, koma akugogoda.

Chisale (Lusaka)

Koma mayi, ngongole ndi ngongole. Wogulayo ndi amene wachedwa. Imelo ikafewa kwambiri adzaiwerenga ngati pempho loti akhoza kuyankha mwezi wamawa. Ine m'makalata otere ndimasiya chiganizo chimodzi cholimba chokhala ndi tsiku, zina zonse zaulemu.

Nagama

Abwana anga akufuna tsiku la Lachisanu limveke ndithu, chifukwa akuti sitidzatsitsa katundu tisanaone umboni wa malipiro. Ndiye mwina nditenga ya aphunzitsi pa ndalama, ya mayi Tembo pa chilolezo. Koma ndili ndi mantha ena. Lero mwandikonzera, nanga mawa ndikakhala ndekha ndidzadziwa bwanji kuti ndalakwitsa? Mwachitsanzo sabata yatha ndinalemba *il faut que le client signe le bon de livraison*, ndipo sindinasinthe chilichonse pa *signe*. Kodi pamenepo ndinaphonyanso?

Aphunzitsi Mbewe

Simunaphonye. Aneni othera ndi *-er*, amene ndi ochuluka kwambiri m'Chifalansa, pa *je*, *tu*, *il* ndi *ils* amaoneka chimodzimodzi mu indikatifu ndi mu subujonkitifu. *Il signe*, *qu'il signe*. Munalemba subujonkitifu osadziwa. Ubwino wake ndi womwewo, koma kuipa kwake n'kwakuti munthu amatha zaka akulemba *il faut qu'il signe*, *il faut qu'il paie*, *bien qu'il refuse*, zonse zolondola, n'kumaganiza kuti palibe chimene chimasintha. Tsiku lomwe adzafune *prendre* kapena *recevoir* mpamene zimaululika.

Njira yopezera mneni woyenera ndi iyi. Tengani mneniyo pa *ils* mu nthawi ya tsopano, chotsani *-ent*, chotsalacho ndiye tsinde lanu la *je*, *tu*, *il* ndi *ils*. Tiyese ndi *recevoir*: *ils reçoivent*, tsinde *reçoiv-*, ndiye *il faut que le client reçoive la facture*. *Prendre*: *ils prennent*, ndiye *il faut que le chauffeur prenne la route*. *Transmettre*: *ils transmettent*, *qu'il transmette*. Pa *nous* ndi *vous* bwererani ku *imparfait* monga ndanena kale: *que nous recevions*, *que vous preniez*. Osamvera lamuloli ndi ochepa, ndipo m'makalata a ntchito mudzakumana kwambiri ndi *fasse*, *puisse*, *sache* ndi *aille*, kuwonjezera pa *avoir* ndi *être* aja. Alembeni pakapepala muwamate pambali pa kompyuta.

Podziyesa, chotsani mneni wanu muikepo *faire*, muwerenge mokweza. *Il faut que le client fait* ndi *il faut que le client fasse*: khutu lanu, ngakhale mukuti Chifalansa chanu n'cha kusukulu, lisankha lachiwirilo. Mukatero mwadziwa kuti malowo ndi a subujonkitifu, chatsala n'kupeza kalembedwe.

Awiri amene khutu silingakuthandizeni ndi awa. *Bien que j'aie reçu votre message*, ndi e kumapeto kwa *aie*, osati *j'ai*. Ndi *il faut qu'il voie le dossier*, osati *voit*. Pakamwa n'zofanana kapena pafupifupi, papepala n'zosiyana, ndipo *bien que j'ai* ndi cholakwika chimene ndimachiona kwambiri m'makalata a anthu odziwa bwino Chifalansa.

Kondwani

Aphunzitsi, ndiye ndikonze yanga. Ndikulembera ofesi yolembetsa ophunzira pa yunivesite ina ku France za mapepala anga amene anachedwa. Ndinalemba *Le relevé de notes m'a été remis en retard, si bien que je n'ai pas pu l'envoyer à temps*. Malinga ndi zomwe mwanenazi ndasintha kukhala *si bien que je n'aie pas pu*. Ndakhoza?

Aphunzitsi Mbewe

Bwezera mmene zinalili, Kondwani, unalemba bwino poyamba. *Si bien que* ndi chinthu china. Tanthauzo lake ndi "kotero kuti", ikunena zotsatira zomwe zachitikadi, ndipo imatenga indikatifu. Usamangoona zilembo za *bien que* n'kuthamangira *aie*. Dzifunse ngati m'Chichewa ungaikepo "ngakhale". "Anandipatsa mochedwa, ngakhale sindinathe kutumiza" sizikumveka. "Kotero kuti sindinathe kutumiza" ndiye zikumveka. Chimodzimodzi *nous savons bien que vous êtes occupé*: apa *bien* ndi wa *savons*, "tikudziwa bwino kuti", ndipo *êtes* akhale momwemo.

Chisale (Lusaka)

Pamenepa ndiwonjezereko chimene chimandipulumutsa ndikamamasulira mothamanga. Ngati simukutsimikiza mneni pambuyo pa *bien que*, ikani *même si*, yomwe imatenga indikatifu: *même si nous avons reçu votre acompte*. Kapena *malgré* ndi dzina: *malgré le versement de l'acompte*. Palibe subujonkitifu, palibe cholakwika.

Mayi Tembo (Lubumbashi)

*Malgré* ndi dzina ili bwino. Koma musaikepo *que*. Kuno *malgré que* timaimva tsiku lililonse mumsewu ndi m'maofesi momwe, koma a Académie française amaikana, ndipo anthu osamala za kalembedwe sailemba m'kalata.

Aphunzitsi Mbewe

Ndipo *même si* si mapasa enieni a *bien que*, a Chisale. *Bien que le camion soit arrivé* ikunenetsa kuti thiraki yafika. *Même si* nthawi zambiri imatsegula khomo la "kaya zitero kaya ayi": *même si vous payez demain, nous ne pourrons pas décharger avant lundi*, apa kulipirako sikunachitike. Ndi mneni wa kale ngati *avons reçu* tanthauzo limayandikira ndithu, ndipo palibe angakuimbeni mlandu, koma m'kalata yokhudza ndalama, pomwe mukufuna zidziwike kuti gawo loyamba munalandira, *bien que* imanena mosapita m'mbali komanso imamveka yaulemu wa muofesi.

Kanthu kena kakang'ono: mukalumikiza mfundo ziwiri, *que* wachiwiri amatenganso subujonkitifu. *Bien que le camion soit arrivé et que les droits aient été payés*. Ambiri amakhoza woyamba n'kuiwala wachiwiri.

Mayi Tembo (Lubumbashi)

Chomaliza kwa ine, Nagama. Usayambe imelo ndi *Bien que nous ayons reçu*. Galamala yake ili bwino tsopano, koma munthu akangoona *Bien que* pamzere woyamba amadziwa kuti kukubwera dandaulo. Yamba ndi kuthokoza ndalama zomwe anatumiza, chiganizo chakechake. Kenaka nkhani ya thiraki, poti ndi yachangu ndipo iyenso ikumukhudza, soyayo ndi wake. Ndalama zotsala zibwere pomaliza, ndipo uikepo *sauf erreur de notre part*, chifukwa mwina anatumiza kale ndipo zangochedwa kubanki. Umampatsa munthu pothawira manyazi.

Nagama

Ndasonkhanitsa zonse. Taonani ngati ili bwino ndisanapite nayo kwa abwana:

> Objet : Licence d'importation et solde de la facture
>
> Monsieur le Directeur,
>
> Nous accusons réception de votre acompte du 3 mars et vous en remercions.
>
> Bien que le camion soit arrivé à Kasumbalesa mardi, il ne peut pas franchir la frontière : il faut que notre chauffeur ait en main une copie de la licence d'importation. Nous vous saurions gré de bien vouloir nous la transmettre dès que possible.
>
> Par ailleurs, sauf erreur de notre part, le solde ne nous est pas encore parvenu. Il faudrait que nous recevions la preuve de paiement avant vendredi pour autoriser le déchargement.
>
> Veuillez agréer, Monsieur le Directeur, nos salutations distinguées.

Abwana angondiuzanso kuti ndiwonjezere zoti thiraki yachiwiri inyamuka Lolemba, koma mapepala ake tikufuna tiyambe kukonza panopa. Ndinayamba kulemba *Bien que le deuxième camion partira lundi*, kenaka ndaima. Subujonkitifu wa m'tsogolo ndi uti? M'tebulo sindikumupeza.

Aphunzitsi Mbewe

Imeloyo ili bwino, aneni onse atatu ali m'malo mwake: *soit arrivé*, *ait*, *recevions*.

Wa m'tsogolo simumupeza chifukwa kulibe. Wa tsopano yemweyo amagwira ntchito ya m'tsogolo, ndipo liwu la tsikulo ndi limene limaonetsa nthawi: *bien que le deuxième camion ne parte que lundi, nous souhaitons préparer les documents dès maintenant*. Ndaikamo *ne ... que* kuti zimveke kuti "ngakhale inyamuka Lolemba lomwe, osati msanga", poti ndi pamene pali kutsutsana kwa mfundo ziwirizo. Ngati *parte* akukuvutani m'maso, zungulirani ndi dzina: *bien que le départ du deuxième camion ne soit prévu que lundi*. Olemba ena amaika nthawi ya m'tsogolo pambuyo pa *bien que* pofuna kuti m'tsogolomo muoneke, ndipo akatswiri a galamala amakangana nazo, koma mu imelo ya kampani musayese.

Chisale (Lusaka)

Kapena *même si le deuxième camion ne part que lundi*. Pambuyo pa *si* ameneyu mneni akhale wa tsopano, osati *partira*. Ine ndikanatenga imeneyi, ndi yopepuka, ndipo m'imelo imodzi *bien que* kawiri imalemera.

Mayi Tembo (Lubumbashi)

Ine za thiraki yachiwiri sindikanaziika n'komwe m'imelo imeneyi. Munthu ukumukumbutsa ngongole ndi chilolezo, usamuwonjezere chachitatu, angayankhe chophwekacho n'kusiya zovutazo. Ndipo *il faudrait que nous recevions* ija ndikanaifewetsabe, koma poti abwana ako akufuna tsiku limveke, isiye.

Nagama

Ndawaonetsa abwana ndipo ndawafotokozera maganizo a mayi Tembo. Avomera kuti za thiraki yachiwiri tilembe payokha mawa, ndipo ndidzagwiritsa ntchito *bien que le départ ne soit prévu que lundi*. Ya leroyi yapita mmene ilili pamwambapa. Ndamuimbiranso dalaivala kuti foni yake ikhale yoyaka, kope la chilolezo likangofika ndimutumizira pomwepo.